Facebook kapena Google: kulumikiza ndalama zotsatsira ndi buku la zogulitsa

Tiyerekeze mayi wogulitsa nsapato ku Limbe amene amatsatsa malonda ake pa Facebook ndi pa Google. Mwezi watha analipira madola 300 ku Facebook ndi madola 200 ku Google, ndipo buku lake likusonyeza maoda 120 okwana K5,200,000. Mwezi uno ndalama zakunja zachepa, ndipo ayenera kuchepetsa zotsatsira mbali imodzi. Achepetse kuti?

Makampani awiriwa sangamuyankhe, chifukwa iliyonse imawerenga mokomera mbali yake. Yankho limapezeka polumikiza fayilo ya ndalama zomwe analipira ndi buku lake la zogulitsa, ndipo chida chodziwika pa ntchitoyi ndi SQL, chinenero cholembera mafunso opita ku nkhokwe ya matebulo a pakompyuta. Koma pa kulumikizako pali msampha umodzi umene umatulutsa manambala abodza popanda kompyuta kudandaula. Manambala onse a m'nkhaniyi ndi achitsanzo, koma msamphawo ndi weniweni.

Matebulo awiri, miyeso iwiri

Facebook ndi Google zimalola wotsatsa kukopera lipoti lake ngati fayilo ya CSV. Mayina a zigawo za m'mafayilowa ndi osiyana: Facebook imalemba ndalama pansi pa `Amount spent`, pomwe Google imalemba pansi pa `Cost`. Fayilo ya Google imakhalanso ndi mizere ya mutu pamwamba ndi mizere yophatikiza ndalama zonse pansi, ndipo mizere imeneyi iyenera kuchotsedwa, apo ayi ndalama ziwerengedwa kawiri ntchito isanayambe n'komwe.

Mayiyu akayeretsa mafayilowa, awaika m'tebulo limodzi lotchedwa `zotsatsa`. Mzere uliwonse ukunena tsiku, njira yotsatsira, ndi madola omwe analipira tsikulo. Ku Facebook analipira madola 10 pa tsiku kwa masiku 30, ndiye mizere 30. Ku Google analipiranso madola 10 pa tsiku, koma kwa masiku 20 okha, ndiye mizere 20.

Tebulo lachiwiri ndi `maoda`. Muno mzere uliwonse ndi oda imodzi: tsiku, mtengo, phindu lotsala akachotsa ndalama zogulira nsapatoyo, ndi njira imene kasitomala anadzera. Njirayi imadziwika ngati linki ya malonda ili ndi chizindikiro monga `utm_source=facebook`, kapena ngati wogulitsa wafunsa n'kulemba. Maoda 60 alembedwa Facebook, 25 alembedwa Google, ndipo 35 sakudziwika kumene anachokera.

Funso lofunika kudzifunsa musanalembe chilichonse ndi lakuti: mzere umodzi m'tebulo lililonse ukuimira chiyani? Apa mzere wa tebulo loyamba ukuimira tsiku lathunthu, pomwe wa tebulo lachiwiri ukuimira oda imodzi. Miyesoyi ndi yosiyana, ndipo vuto lagona pamenepo.

Funso looneka lolondola

Amene wangophunzira kumene SQL amalumikiza matebulowa pa tsiku ndi njira, motere:

```sql
SELECT z.njira, SUM(z.dola), COUNT(*)
FROM zotsatsa z
JOIN maoda m
  ON m.tsiku = z.tsiku AND m.njira = z.njira
GROUP BY z.njira;
```

Yankho lake likuti Facebook inadya madola 600 ndipo Google inadya madola 250, kutanthauza kuti oda iliyonse mbali zonse ziwiri inabwera ndi madola 10. Mayiyu akakhulupirira zimenezi, anganene kuti njira ziwirizi n'zofanana. Koma iye analipira madola 500 okha, osati 850.

Chachitika n'chakuti `JOIN` imabwereza mzere wa tebulo loyamba pa mzere uliwonse wa tebulo lachiwiri umene wagwirizana nawo. Tsiku limene Facebook inabweretsa maoda anayi, madola 10 a tsikulo alembedwa kanayi n'kukhala 40. Tsiku limene sikunabwere oda ngakhale imodzi, mzere wake watayidwa, ndipo madola 10 amene anapitadi asowa m'chiwerengero. Motero tsiku logulitsa bwino laoneka lodula, ndipo tsiku lotayitsa ndalama labisika. Zikanakhala kuti mayiyu anali ndi makampeni awiri a Facebook tsiku limodzi, maoda akanabwerezedwanso, ndipo ndalama zolowa zikanaoneka zochuluka kuposa zimene zili ku banki.

Phatikizani kaye, lumikizani pambuyo

Mankhwala ake ndi kufikitsa matebulo onse awiri pa muyeso umodzi asanakumane. Popeza tikuyerekeza njira zotsatsira, tebulo lililonse liphatikizidwe palokha mpaka litsale ndi mzere umodzi pa njira iliyonse. Tigwiritsenso ntchito mtengo wa K1,750 pa dola kuti mbali zonse zikhale m'makwacha.

```sql
WITH z AS (
  SELECT njira, SUM(dola) * 1750 AS zolipira
  FROM zotsatsa GROUP BY njira),
m AS (
  SELECT njira, COUNT(*) AS angati,
         SUM(mtengo) AS zolowa, SUM(phindu) AS phindu
  FROM maoda GROUP BY njira)
SELECT COALESCE(z.njira, m.njira) AS njira,
       zolipira, angati, zolowa, phindu
FROM z FULL OUTER JOIN m ON z.njira = m.njira;
```

Mawu akuti `FULL OUTER JOIN` amasunga mizere ya mbali zonse ngakhale itasowa inzake. Motero njira imene inadya ndalama osabweretsa oda ionekabe, ndipo maoda 35 osadziwika aja sataika. PostgreSQL imamva lamuloli, SQLite inayamba kulimva mu 2022, koma MySQL ilibe. Kumeneko munthu amayamba ndi tebulo la mayina a njira zonse n'kulumikizako mbali ziwirizo ndi `LEFT JOIN`.

Musanakhulupirire yankho, liyeseni. Ndalama zolipira zikaphatikizidwa zikwane K875,000, maoda akwane 120, ndipo zolowa zikwane K5,200,000, monga zinalili matebulo asanalumikizidwe. Nambala ikakwera, pali mzere umene wabwerezedwa. Ikatsika, pali umene watayidwa. Yang'ananinso mayina a njira: ngati wina analemba `fb` ndipo wina `Facebook`, kompyuta iziona ngati njira ziwiri, ndipo yankho lituluka ndi mzere wowonjezera wokhala ndi maoda koma wopanda ndalama zolipira. `LOWER` ndi `TRIM` zimakonza zilembo zazikulu ndi mipata yosafunika, koma mayina ofupikitsidwa amafunika kuwagwirizanitsa pamanja.

Zimene manambala akunena

Tsopano chithunzi chasintha. Facebook inadya K525,000 n'kubweretsa maoda 60 okwana K2,400,000, kotero oda iliyonse inabwera ndi K8,750. Google inadya K350,000 n'kubweretsa maoda 25 okwana K1,500,000, kotero oda iliyonse inabwera ndi K14,000. Poona izi zokha, Facebook ndiyo yotsika mtengo.

Koma mayiyu sadya chiwerengero cha maoda, amadya phindu. Makasitomala a pa Facebook anagula kwambiri nsapato za ana, zosiya phindu la K12,000 pa oda, lonse pamodzi K720,000. Kuchotsapo zotsatsira, kwatsala K195,000. A pa Google anali ofuna nsapato zachikopa zovala ku ofesi, zosiya K24,000 pa oda, lonse pamodzi K600,000. Kuchotsapo zotsatsira, kwatsala K250,000. Njira yooneka yodula ndiyo yasiya ndalama zambiri m'thumba, ndipo zimenezi palibe lipoti la Facebook kapena Google limene likanamuuza, chifukwa mtengo umene iye amaodera nsapato uli m'buku lake lokha.

Mtengo wa dola nawonso ndi wofunika kuusamala. Woyenera ndi umene banki inadula pa khadi tsiku lolipira, pamodzi ndi zolipiritsa zake. M'mwezi wonga Novembala 2023, pamene kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti, mtengo umodzi sukanakwanira mwezi wonse. Zikatero pamafunika tebulo lachitatu la mtengo wa dola, lokhala ndi mzere umodzi wokha pa tsiku, ndipo madola a tsiku lililonse asinthidwe asanaphatikizidwe.

Chifukwa chimene malipoti sagwirizana ndi buku

Tiyerekeze kuti lipoti la Facebook likudzitama ndi maoda 78 ndipo la Google ndi 31, pomwe buku lapereka 60 ndi 25. Sikuti wina wanama. Kampani iliyonse ili ndi lamulo lake lowerengera. Ngati wotsatsa sanasinthe kanthu, Facebook imadzitengera oda imene yachitika pasanathe masiku asanu ndi awiri munthu atadina malonda, ngakhalenso pasanathe tsiku limodzi atangowaona osadina. Google imadikira mpaka masiku 30 kuchokera pa kudina, ndipo imalemba odayo pa tsiku limene munthuyo anadina, osati limene analipira. Kasitomala amene anadina pa Facebook Lolemba n'kufufuza dzina la sitolo pa Google Lachinayi angawerengedwe mbali zonse ziwiri, koma nsapato anagula kamodzi.

N'chifukwa chake m'mafayilo a makampaniwa timatengamo ndalama zolipira zokha, zomwe zingatsimikizidwe ndi risiti, ndipo maoda timawatenga m'buku. N'chifukwa chakenso kuyerekeza kwa mwezi wathunthu n'kodalirika kuposa kwa tsiku ndi tsiku. Ngakhale tsikulo limatha kusiyana: akaunti yotsatsira ikakhala pa nthawi ya ku California, imakhala kumbuyo kwa nthawi ya ku Malawi ndi maola asanu ndi anayi kapena khumi, ndipo oda ya m'mamawa kuno imagwera pa tsiku la dzulo kumeneko.

Malire a yankho

Chotsala ndi maoda 35 aja, okwana K1,300,000, omwe sakudziwika kwawo. Ambiri otere ndi a anthu amene anaona malonda, n'kusunga nambala ya foni, kenako n'kulemba pa WhatsApp patapita masiku. Kusiyana kwa Google ndi Facebook ndi K55,000 yokha. Ngati maoda asanu okha mwa 35 amenewa anachokera ku Facebook, phindu lawo la K60,000 likwanira kutembenuza chigamulo chonse. SQL singathetse zimenezi, chifukwa imalumikiza zolembedwa zokha.

Choncho chimene manambalawa akuloleza mayiyu kunena ndi chakuti njira zonse ziwiri zikubweza ndalama zake, ndipo palibe imene yapambana moonekeratu. Kutseka Google chifukwa oda yake ikuoneka yodula kukanakhala kulakwitsa. Ntchito yake mwezi uno ndi kuchepetsa mzere wa maoda osadziwika: malonda a pa Facebook akhale ndi mawu awo amene kasitomala amatumiza poyamba pa WhatsApp, a pa Google akhale ndi awo, ndipo wolandira oda asatseke mzere m'buku asanalembe njira. Maoda osadziwika akatsika kuchoka pa 35 kufika pa atatu kapena anayi, funso lomwelo la SQL lidzapereka yankho loti angachepetsere nalo madola ake.