Madigiri a msana wokhota: dokotala amawapeza bwanji pa ekisireyi?

Nthawi zambiri amayamba kuona ndi mayi posambitsa mwana, kapena telala poyesa yunifolomu: phewa limodzi lakwera, diresi ikulendewera mbali imodzi. Mwana akawerama ngati akufuna kugwira zala zakumapazi, nthiti za mbali imodzi zimatumphuka kumbuyo. Kuchipatala amajambula ekisireyi, kenako dokotala amatchula nambala, mwina madigiri 32. Makolo amabwerera kunyumba ndi nambalayo osadziwa kumene yachokera.

Matendawa amatchedwa sikoliyosisi. Msana wabwinobwino ukauona chakumbuyo umakhala woongoka, koma wa sikoliyosisi umakhotera kumbali ngati chilembo cha C kapena S. Njira yoyezera kukhotako anaifotokoza mu 1948 dokotala wa mafupa wa ku New York, John Cobb, ndipo mpaka lero ngodyayo imadziwika ndi dzina lake.

Chithunzi chimajambulidwa wodwala ataimirira, mawondo ataongoka, ndipo chimayenera kuonetsa msana wonse mpaka m'chiuno. Kuimirirako n'kofunika, chifukwa munthu akagona thupi silipsinjanso msana ndipo kukhota kumaoneka kochepa. Mwendo umodzi ukakhala waufupi, chiuno chimapendekeka n'kukhotetsa msana umene ulibe vuto, choncho amaika kathabwa pansi pa phazilo kuti chiuno chilingane.

Pa chithunzi, mafupa a msana amaoneka ngati njerwa zosanjikizana. Pakati penipeni pokhotapo njerwa imakhala yatalikira kumbali koma siipendekeka kwenikweni. Zopendekeka kwambiri zimakhala kumapeto, ina pamwamba ina pansi, ndipo ziwirizi ndizo dokotala amafufuza.

Tiyerekeze mtsikana wa zaka 12 amene msana wake wakhotera kumanja pa chifuwa, monga zimachitikira kawirikawiri. Mafupa a msana ogwira nthiti alipo 12, ndipo amalembedwa T1 mpaka T12 kuyambira pamwamba. Dokotala waona kuti lopendekeka kwambiri pamwamba ndi T5, pansi ndi T12. Atenga rula ndi pensulo n'kulemba mzere wotsatira denga la T5, kenako mzere wina wotsatira pansi pa T12. Mizereyi ikakumana ipanga ngodya imene tikuifuna, koma nthawi zambiri imakakumana kutali, kunja kwa filimu. N'chifukwa chake pa mzere uliwonse amaimikapo mzere wina woongoka, wopanga kona ya madigiri 90. Mizere yatsopanoyi imapingasana pafupi, ndipo pulotilakita ikaikidwa pamenepo imapereka yankho lomwelo. Mwachidule, ngati T5 lapendekeka madigiri 18 mbali iyi, T12 n'kupendekeka madigiri 14 mbali inayo, ngodya ya Cobb ndi 32. Pa kompyuta dokotala amangoloza m'mphepete mwa mafupawo, masamu n'kutuluka okha, koma wosankha mafupa ndi munthu yemweyo. Msana wa S umayezedwa kawiri, pokhota paliponse ndi nambala yake.

Kukhota kosafika madigiri 10 sikutchedwa sikoliyosisi. Kukapitirira pamenepo koma kusanafike 25, mwana amangoonedwa pakapita miyezi ingapo. Kuyambira 25 mpaka cha m'ma 40, mwana amene akukulabe amapatsidwa chovala cholimba cha pulasitiki chogwira thunthu, chimene cholinga chake ndi kuletsa kukhota kuti kusapitirire. Pa 45 kapena 50 amayamba kukamba za opaleshoni.

Apa ndi pamene ndimafuna makolo amvetsetse bwino. Mtsikana uja akabwera patapita miyezi isanu ndi umodzi n'kuuzidwa kuti tsopano ndi 35, mtima umadumpha, koma n'kutheka msana sunasinthe. Madokotala awiri poyeza chithunzi chimodzi amatha kusiyana ndi madigiri pafupifupi 5. Mzere wa pensulo ukapendekeka pang'ono, kapena wina akasankha T6 m'malo mwa T5, kapena mwana akaima mopotoka, nambala imasuntha. Choncho amati kukhota kwakula pokhapokha kusiyana kukapitirira madigiri 5, ndipo mafupa oyezerapo akhale omwe aja a poyamba. Chithunzi chakale musachitaye, muzipita nacho ulendo uliwonse.

Pali zina zimene ngodyayi siionetsa. Msana wa sikoliyosisi umapotokanso ngati chingwe, ndipo kupotokako ndi kumene kumatumphutsa nthiti, pomwe ekisireyi yojambula chakumbuyo imangoonetsa bwino kukhota kwa m'mbali. Komanso nambala payokha siinena za mawa. Dokotala amayang'ana m'mphepete mwa fupa la chiuno pa chithunzi chomwecho kuti aone ngati mwana watsala ndi nthawi yokula, muyeso wa Risser woyambira 0 mpaka 5. Madigiri 32 pa Risser 0, mtsikana asanathe msinkhu, amafuna chovala chija msanga chifukwa msana umakhota mofulumira pa nthawi imene mwana akutalika. Madigiri omwewo pa Risser 5, mafupa atakhwima, kawirikawiri amangofunika kuwaonanso mwa apo ndi apo.