Kukumbutsa kasitomala za ngongole popanda kudana naye

Mchemwali wanga ndi telala ku Ndirande. Anasokera sukulu ina yoyima payokha mayunifolomu 60 pa mtengo wa K8,000 iliyonse, zonse pamodzi K480,000. Sukuluyo inapereka dipoziti ya K180,000 yogulira nsalu, ndipo invoisi ya K300,000 yotsala inaperekedwa pa 3 Malichi, pa mgwirizano wolipira pasanathe masiku 30. Tsiku la 2 Epulo linafika nkudutsa. Pofika pa 7 Meyi, masabata asanu atatha, ana anali akuvala mayunifolomu aja tsiku ndi tsiku koma ndalama kunali zii.

Ndinamupeza atagwira foni, akulemba nkumafufuta. Uthenga woyamba unali wodzaza ndi kupepesa, ngati iye ndiye wolakwa. Wachiwiri unali wofotokoza za lendi ya shopu ndi fizi ya ana. Wachitatu, atapsa mtima, unkatchula apolisi. Onse atatu ndi mauthenga amene ambirife timalemba, chifukwa kulonjerera ngongole kumatichititsa manyazi. Komatu wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko, ndipo ndalama ya thukuta lako sutenga ngati chithandizo chopempha.

Tisanalembe chilichonse tinayala mapepala pa tebulo lodulira nsalu: kope la invoisi, kalata imene sukulu inaitanitsira katunduyo, ndi pepala limene analandirirapo mayunifolomu, losainidwa ndi kudindidwa. Izi ndimazilimbikira kwambiri. M'mabungwe ambiri amene wakupatsa ntchito si amene amalipira. Invoisi imatha kugona m'dirowa ya mphunzitsi wamkulu osafika kwa abasala, kapena kubwezedwa mwakachetechete chifukwa palibe nambala ya oda. Ukayamba ndi ukali, umakalipira munthu amene pepala lako sanaliwone nkomwe.

Uthenga umene anatumizira abasala pa WhatsApp unali uwu:

"Mwadzuka bwanji, bambo? Ndine telala amene ndinasoka mayunifolomu 60 a pasukulu panu. Ndimati ndikukumbutseni za invoisi nambala 014 ya pa 3 Malichi. Zikomo chifukwa cha K180,000 imene munapereka poyamba. Yotsala ndi K300,000, imene inayenera kulipidwa pofika pa 2 Epulo. Ndatumizanso chithunzi cha invoisiyo ndi cha pepala lolandirira katundu. Ngati pali chimene chikusoweka kumbali yanga, ndiuzeni ndikonze lero. Chonde mundidziwitse pofika Lachisanu tsiku limene ndingayembekezere malipirowa. Nambala ya akaunti ili pa invoisipo. Ngati mwalipira kale, mungonditumizira umboni wake."

Taonani kuti ulemu wake uli m'moni, m'kuthokoza dipoziti ija, ndi m'kumusiyira munthu khomo lotulukira osachita manyazi. Koma ziwerengero ndi masiku sizinafewetsedwe ayi. Mawu ngati "kandalama kaja" kapena "mukapeza mpata" amamveka aulemu m'kamwa, koma pa desiki ya munthu amene ali ndi mainvoisi makumi awiri amatanthauza kuti uyu angathe kudikira.

Mtima wa uthengawo ndi pempho la tsiku. Ukafunsa kuti "zili pati?", yankho limakhala "tikukonza", ndipo mawu amenewo sungawagwire. Ukafunsa tsiku, yankho lake limakuuza mtundu wa vuto. Amene pepala linamusokonekera amayankha msanga, napempha kope lina. Amene ndalama zamuthina amatchula theka, kapena kutha kwa mwezi. Amene akuzemba amawerenga osayankha, kapena amasintha nkhani nkuyamba kudandaula za katundu amene analandira miyezi iwiri yapitayo osanenapo kanthu.

Abasala anayankha madzulo omwewo kuti makolo ambiri anali asanamalize fizi, ndipo anapempha kulipira kawiri: K150,000 pa 16 Meyi, inayo pa 30 Meyi. Mchemwali wanga anavomera, koma sanangoti "chabwino". Analembanso masiku awiriwo ndi ndalama zake, napempha abasala atsimikize mwa kulemba, kuti lonjezo lisathere m'malere.

Akanapanda kuyankha, Lolemba lotsatira akanaimba foni, kenako kalata ya pa pepala yopita kwa mwini sukulu, yotchula tsiku lomaliza. Chiwongoladzanja cha kuchedwa sakanachitchula, chifukwa sichinali pa mgwirizano wawo, ndipo kuopseza ndi chinthu chimene sungachichite kumangoonetsa kuti mawu ako ndi opepuka. Apolisi nawo si olonjerera ngongole za malonda. Zikafika povuta nkhani yotere imapita ku khoti, komwe mapepala aja ndi mauthenga osungidwa amakhala mboni.

Theka loyamba linalowa pa 16 Meyi. Lachiwiri linachedwa ndi masiku anayi, ndipo linafuna uthenga wina wa mizere iwiri wotchula tsiku limene abasala analemba okha.