Masiku a Tchuthi Otsala: Werengani Musanasaine

Munthu akamasiya ntchito, kaya wachotsedwa kaya watula pansi yekha, masiku a tchuthi amene sanapume sapita pachabe. Amasanduka ndalama. Vuto ndi loti ambiri amangolandira nambala imene a ku ofesi alemba, n'kusaina osaitsimikiza.

Lamulo la za ntchito la chaka cha 2000 kuno ku Malawi limapatsa wogwira masiku 6 pa sabata tchuthi cha masiku osachepera 18 pa chaka, ndipo wogwira masiku 5 amapatsidwa 15. Kalata yanu ya ntchito ikhoza kuwonjezera pamenepa, koma osachepetsa, choncho yambani mwaiwerenga.

Tiyerekeze mayi wogulitsa mu shopu, wogwira Lolemba mpaka Loweruka, wolandira K260,000 pa mwezi. Anayamba pa 1 Malichi 2023, wasiya pa 31 Okutobala 2024. Imeneyi ndi miyezi 20. Masiku 18 pa chaka ndiye kuti tsiku limodzi ndi theka mwezi uliwonse, kotero wasonkhanitsa masiku 30. Miyezi ya chaka chosatha nayo imawerengedwa.

Kaundula wa ku ofesi akuti anapuma masiku 22, otsala ndi 8. Apa ndi pamene pafunika mafomu a tchuthi enieni, osati za pakamwa. Fomu imodzi ikuonetsa masiku 8 mu Ogasiti, ndipo palibe chovuta. Inayo ndi ya pa 18 mpaka pa 31 Disembala 2023, ndipo kalaliki analemba 14. Tsegulani kalendala ya chaka chimenecho muone: pa 24 ndi pa 31 linali Lamulungu, pa 25 Khirisimasi, pa 26 holide ya boma. Lamulo limanena za masiku ogwira ntchito, ndiye anayiwa sayenera kudulidwa. Mayiyu anapuma masiku 10 okha. Onse pamodzi ndi 18, otsala 12.

Malipiro a tsiku limodzi ambiri amawapeza pogawa malipiro a mwezi ndi 26 kwa wogwira masiku 6 pa sabata. Kwa mayiyu ndi K10,000. Choncho ayenera kulandira K120,000 msonkho usanadulidwe, osati K80,000. Kalaliki mwina sanachitire dala, koma K40,000 ndi ndalama ya chakudya cha ana.

Yang'aniraninso masiku amene munadwala dokotala n'kukulemberani kalata. Amenewo ndi a tchuthi cha matenda, asasakanizidwe ndi cha pachaka. Ngati munasunga masiku a zaka za m'mbuyo, funani kalata yosonyeza kuti munagwirizana ndi abwana, chifukwa mikangano yambiri imayambira pamenepo.

Pemphani kuti ndalama ya tchuthi ilembedwe payokha papepala la malipiro omaliza, osaiphatikiza ndi zina. Lamulo limati zoyenera kulandira zituluke pasanathe masiku 7 ntchito itatha. Akakana kukonza, tengani kalata ya ntchito, mafomu ndi mapepala a malipiro mupite nazo ku ofesi ya zantchito ya m'boma lanu.