Makina ofufuzira samawerenga nkhani zonse mukawafunsa

Mukalemba mawu awiri mu Google, mayankho amabwera musanachotse chala pa foni. Ambiri amaganiza kuti makinawo athamanga n'kuwerenga masamba onse a pa intaneti nthawi yomweyo. Sizingatheke. Masambawo ndi mabiliyoni, ndipo ngakhale kompyuta yaliwiro bwanji ingakudikiritseni mpaka mutatopa. Kuwerengako kunachitika kale, inu musanafunse. Zimene makina amatsegula mukafunsa ndi mndandanda umene anakonzeratu, wotchedwa indekisi yotembenuza.

Amene anagwirapo konkodansi ya Baibulo akuidziwa kale nzeru imeneyi. Baibulo limakuuzani mawu amene ali m'vesi. Konkodansi imatembenuza: mumaipatsa liwu, iyo n'kukuuzani mavesi onse amene muli liwulo. Ansembe a chipani cha Dominiko, motsogozedwa ndi Hugh wa ku Saint-Cher, anakonza konkodansi ya Baibulo lachilatini cha m'ma 1230, ndi manja. Kompyuta imachita zomwezo, kungoti siitopa.

Tiyerekeze kuti nyuzipepala ina yasunga mitu inayi ya nkhani. Woyamba: "Mtengo wa chimanga wakwera ku Lilongwe". Wachiwiri: "Alimi a fodya akudandaula ndi mtengo wa feteleza". Wachitatu: "Chimanga chauma chifukwa cha chilala". Wachinayi: "Feteleza wa chimanga wafika m'misika". Makina amadula mutu uliwonse kukhala mawu payekhapayekha, amasandutsa zilembo zazikulu kukhala zazing'ono kuti "Chimanga" ndi "chimanga" akhale liwu limodzi, kenako pa liwu lililonse amalemba manambala a nkhani zimene likupezekamo. Mbali ina ya indekisiyo ikuoneka chonchi:

```
chimanga  1, 3, 4
feteleza  2, 4
fodya     2
mtengo    1, 2
wa        1, 2, 4
```

Tsopano wina afunse kuti "feteleza chimanga". Makina sakhudza nkhani ngakhale imodzi. Amatenga mizere iwiri yokha n'kuyenda nayo limodzi. Popeza manambala anasanjidwa kuyambira laling'ono, amayerekeza 1 ndi 2. Sizikufanana, ndiye amasuntha mbali ya nambala yocheperayo, kufika pa 3. Tsopano 2 ndiye wochepa, amasuntha mzere wa feteleza kufika pa 4. Chimanga nacho chisuntha kufika pa 4, zakumana. Yankho ndi nkhani yachinayi. Palibe kubwerera m'mbuyo, n'chifukwa chake ntchitoyi imafulumira ngakhale mizere italika bwanji. Indekisi zambiri zimasunganso malo amene liwu lakhala m'nkhanimo, kaya ndi lachiwiri kaya lachisanu. Ndi malo amenewa amene amathandiza mukatsekera mawu anu m'mitengero, pofuna kuti apezeke motsatizana ndendende monga mwawalembera.

Kupeza ndi mbali yophweka. Povuta ndi pamene nkhani zoyenerera zapezeka 300, koma munthu aona khumi zoyambirira basi. Ikhale pamwamba ndi iti?

Yankho limene lagwira ntchito mpaka lero linachokera kwa Karen Spärck Jones wa ku Yunivesite ya Cambridge mu 1972. Iye anaona kuti liwu lopezeka paliponse silikuuzani kanthu, pomwe liwu losowa limaloza molunjika. Choncho liwu lililonse lipatsidwe kulemera kwake motere:

```
idf = log(N / df)
```

Apa N ndi nkhani zonse zimene zasungidwa, df ndi nkhani zimene muli liwulo. Musaope samuyi. Tiyerekeze kuti nkhani zilipo 1,000, ndipo tikugwiritsa ntchito logarizimu ya 10, imene pano ikungowerenga maziro. Liwu loti "wa" lili m'nkhani zonse, ndiye kulemera kwake ndi 0. "Chimanga" chili m'nkhani 100. 1,000 kugawa ndi 100 ndi 10, kulemera kwake ndi 1. "Ntchemberezandonda" ili m'nkhani 10 zokha. Kugawa kukutipatsa 100, kulemera kwake ndi 2.

Mlimi wafunsa kuti "ntchemberezandonda chimanga". Nkhani ina yatchula chimanga kasanu koma mboziyo ayi: mapointi 5. Ina yatchula chimanga kawiri ndi mboziyo katatu: 2 kuphatikiza 6, mapointi 8. Yachiwiriyi ikhala pamwamba, ndipo n'zoyenera, chifukwa ndi imene ikunena za vuto la mlimiyo.

Koma njirayi ili ndi chibowo. Wogulitsa mbewu wochenjera akhoza kulemba "chimanga" ka 50 patsamba lake n'kupeza mapointi 50, osanena chilichonse chothandiza. Nkhani zazitali nazo zingamapambane chifukwa cha kutalika chabe. Stephen Robertson ndi anzake, pogwira ntchito pa makina otchedwa Okapi ku City University mumzinda wa London, anatseka chibowochi m'zaka za m'ma 1990 ndi njira yotchedwa BM25. M'njira imeneyi kubwereza liwu kumawonjezera mapointi, koma mocheperachepera. Pa muyezo umene ambiri amagwiritsa ntchito, m'nkhani yotalika mwapakatikati, liwu lotchulidwa kamodzi limawerengedwa 1, kasanu pafupifupi 1.8, ka 50 pafupifupi 2.15, ndipo silingapitirire 2.2 ngakhale mulibwereze usiku wonse. Tikatenga kulemera kwathu kuja, wogulitsa mbewu watsika kufika pa 2.15, pomwe nkhani ya mbozi ili ndi pafupifupi 4.5. BM25 imachepetsanso mapointi a nkhani yotalika kuposa zinzake. Pulogalamu yaulere ya Lucene, imene Doug Cutting anayamba kulemba kumapeto kwa zaka za m'ma 1990 ndipo ndiyo maziko a Elasticsearch ndi Solr, imagwiritsa ntchito BM25 ngati simunaisinthe. Google inawonjezera zake: mu 1998 Sergey Brin ndi Larry Page anafotokoza PageRank, yoona kuchuluka ndi kufunika kwa masamba ena amene akuloza ku tsamba lanu.

Pali china chimene chimandidetsa nkhawa, chifukwa chimatikhudza ife olemba Chichewa. Indekisi imadziwa zilembo, siidziwa tanthauzo. Mukafunsa "mtengo wa mango", siingasiyanitse ngati mukufuna ndalama zake kapena chomeracho. Choipa kwambiri, kwa iyo "munda" ndi "minda" ndi mawu achilendo kwa wina ndi mnzake. Chimodzimodzi "analima", "akulima" ndi "adzalima". M'Chingerezi vutoli analichepetsa kalekale. Njira ya Martin Porter ya mu 1980 imadula michira ya mawu kuti atsale tsinde limodzi. Koma mawu athu amasintha kwambiri kumutu, ndiye chodulira michira cha Chingerezi sichitithandiza. Onjezerani pamenepo "Malaŵi" ndi "Malawi", kapena "m'misika", amene makina ena amawadula pa kachizindikiro kaja pomwe ena amawasiya athunthu. Mudzadziwa kuti vuto ndi limeneli mukafufuza nkhani imene mukudziwa kuti ilipo n'kusaipeza, koma mutasintha chilembo chimodzi n'kutulukira.

Amene mukukonza malo osungira nkhani zachichewa, m'manyuzipepala, m'mawailesi kapena m'malaibulale, musangolandira makonzedwe a Chingerezi mmene abwerera. Lamulani kuti ŵ aziwerengedwa ngati w, sankhani njira imodzi yodulira mawu okhala ndi m' kapena n', ndipo njira yomweyo igwire ntchito posunga nkhani ndi pofufuza pomwe. Inu ofufuza, siyani mawu opezeka paliponse, lembani liwu losowa kwambiri limene mukukumbukira m'nkhaniyo. Likakanika "munda", yesani "minda".