Kundandalika Mau Ofotokoza Cinthu

Mau ofotokoza amatiuza mmene cinthu cilili. Ena amanena kukula kwace, ena mtundu wace, ena cimene anacipangira. Mau awa timawacha afotokozi.

M'Cinyanja timayamba ndi dzina la cinthu, afotokozi amabwera pambuyo. Timati: kapu yaikulu yofiira ya pulasitiki. Tikhozanso kunena kuti kapu ya pulasitiki yaikulu yofiira, ndipo zimamveka bwino ndithu.

M'Cizungu si tero ai. Afotokozi amayamba, dzina limakhala kothera. Ndiponso afotokoziwo amaima pamzere ngati ana asukulu, aliyense pamalo pace. Mzere wace ndi uwu: coyamba kukula, caciwiri mtundu, cacitatu cimene anapangira cinthuco. Pambuyo pa onsewa ndiye pamabwera dzina.

Tiyeni tiyese ndi kapu ija. Tidzifunse mafunso atatu.

Kodi ndi yaikulu kapena yaing'ono? Ndi yaikulu. Liu lace ndi "big".

Kodi ndi ya mtundu wanji? Ndi yofiira. Liu lace ndi "red".

Kodi anaipanga ndi ciani? Anaipanga ndi pulasitiki. Liu lace ndi "plastic".

Tsopano tiike mau atatuwa pamzere monga mmene tayankhira, ndipo dzina tiliike kothera: "a big red plastic cup".

Nanga bwanji wina akanena kuti "a plastic red big cup"? Mau onse ndi omwe aja, palibe lomwe lasowa. Koma munthu wodziwa Cizungu akamva, amadziwa msanga kuti mau asokonezeka. Zili ngati wavala nsapato yakumanja kuphazi lakumanzere. Mukalemba tero pamayeso, aphunzitsi adzaconga kuti mwalakwa.

Nthawi zina afotokozi amakhala awiri cabe. Mzere susintha. Mpira waung'ono woyera ndi "a small white ball", cifukwa kukula kumayamba, mtundu umatsatira.

Mukatha kulemba, muziona zinthu ziwiri. Coyamba, yang'anani liu lomwe lili pafupi ndi dzina. Ngati mwachula cimene anapangira cinthuco, monga mtengo kapena pulasitiki, liulo liyenera kugundana ndi dzina. Caciwiri, werengani mokweza, mumve ndi makutu anu. Mukamawerenga Cizungu kawirikawiri, makutu amazolowera, ndipo mudzayamba kumva nokha pomwe mau asokonezeka.

Zocita

Werengani mizere iwiri iyi mokweza ndi mnzanu. Ndi uti womwe uli bwino? Nenani cifukwa cace.

1. "a wooden small black chair"
2. "a small black wooden chair"

Tsopano sankhani cinthu cimodzi m'kalasi mwanu. Cifotokozeni m'Cinyanja, kenaka m'Cizungu. Kumbukirani mzere uja: kukula, mtundu, cimene anacipangira, ndi dzina kothera.