Kumvetsa Zolembedwa pa Chipepala cha Sikani ya Mayi Woyembekezera

Mayi woyembekezera akabwera kuchokera ku sikani, chipepala chimene wapatsidwa kawirikawiri chimathera m'manja mwa mphunzitsi wa pafupi kapena mnyamata amene wangotsiriza kumene Folomu 4, poti ndiwo "odziwa Chingerezi". Komatu Chingerezi cha pa chipepalachi si cha m'kalasi ayi. Ndi zilembo zoduladula ndi manambala, ndipo wowerenga mosadziwa angathe kuopseza banja popanda chifukwa, kapenanso kulitonthoza pamene linayenera kuthamangira kuchipatala.

Tiyeni titenge chitsanzo. Tiyerekeze kuti mayi wina ali ndi pakati pa masabata 32, ndipo pa chipepala chake palembedwa motere:

Placenta: anterior, low-lying, 1.5 cm from os
AFI: 11 cm
EFW: 1700 g

Mzere woyambawo ukunena za nsengwa, chiwalo chija chimene chimamera pa khoma la chiberekero ndi kupatsira mwana chakudya ndi mpweya kudzera mu mchombo. Mawu akuti anterior atanthauza kuti nsengwa ili pa khoma la kutsogolo, kumbali ya mimba ya mayi. Posterior ndiye kumbali ya msana, pamene fundal ndi pamwamba penipeni. Malo onse atatuwa ndi abwino. Kungoti nsengwa ikakhala kutsogolo imakhala ngati mtsamiro pakati pa mwana ndi khungu la mayi, kotero kuti mayi amachedwa kuyamba kumva mwana akusuntha. Koma ichi chisakhale chodzitonthozera nacho: mwana amene wakhala akusuntha masiku onse akachepetsa, mayi apite kwa azamba tsiku lomwelo.

Pofunika kuima ndi pa mawu akuti low-lying. Mawu akuti os akunena khomo la chiberekero, pamene mwana adzatulukire. Nsengwa ikayandikira khomoli mosakwana masentimita 2 amati yatsika, ndipo ikaliphimba amalemba kuti praevia. Vuto lake ndi losavuta kulimvetsa. Chigawo cha m'munsi cha chiberekero chikamatanuka ndipo khomo likamatseguka, nsengwa imene yakhala pamenepo imamatuka, mitsempha yake nkuyamba kutaya magazi.

Apa msinkhu wa pakati ndiwo umalamula. Mawu omwewa akalembedwa pa masabata 20 saopsa kwenikweni, chifukwa pafupifupi amayi 9 mwa 10 otere amadzapezeka kuti nsengwa yatalikira khomo pofika kumapeto. Sikuti nsengwayo imayenda. Chigawo cha m'munsi chija ndicho chimakula, monga momwe chizindikiro cholembedwa pafupi ndi kamwa la chibaluni chimakwerera m'mwamba chibalunicho chikamafufuma. Ndiye chifukwa chake amaunikanso pa masabata 32. Mayi wathuyu wafika pa 32 nsengwa ikadali pa masentimita 1.5, choncho adzamuunikanso cha pa masabata 36, ndipo pamenepo madokotala adzaona ngati angabereke yekha kapena ngati pafunika opaleshoni. Ikaphimba khomo, njira ndi opaleshoni basi.

Pakadali pano banja lidziwe zinthu ziwiri. Choyamba, magazi ochokera ku nsengwa yotsika amatuluka ofiira ndipo kawirikawiri popanda ululu uliwonse. Kusamva kupwetekako ndiko kumanyenga anthu kuti adikire kuche. Ngakhale atakhala ochepa, mayi apite msanga ku chipatala chimene chimachita opaleshoni ndi kuika magazi. Chachiwiri, ngati mayiyu anachitidwapo opaleshoni pa mwana wina, anene poyera, pakuti nsengwa yotsika ya kutsogolo ingathe kumera pa chipsera chakale ndi kuzika mizu kwambiri, mwakuti imakana kuchoka mwana atabadwa.

Mzere wachiwiri ndi wa madzi amene mwana amakhalamo, aja amatayika nsupa ikasweka. Ambiri amadabwa akamva kuti m'miyezi yotsirizayi gawo lalikulu la madziwa ndi mkodzo wa mwana yemweyo. Amakodza, amameza, nakodzanso. Tsono kuchuluka kwa madzi kumatiuza za impso zake, za kameredwe kake, ndiponso ngati nsengwa ikumupatsa magazi okwanira. Makina sayesa malita. Wounika amagawa mimba m'zigawo zinayi, nayesa kuya kwa dziwe lalikulu m'chigawo chilichonse, kenaka nkuphatikiza. Zotsatira zake ndizo AFI. Mwachitsanzo, 3.0, 2.5, 3.5 ndi 2.0 zipereka 11, ndipo poti mulingo wabwino uli pakati pa 5 ndi 25, mayi wathuyu alibe nkhawa pamenepa. Ena amayesa dziwe limodzi lokha lozama koposa nalemba DVP kapena SDP; pamenepo mulingo wake ndi 2 mpaka 8. Yang'anitsitsani zilembozo, chifukwa 4 wa DVP ndi wabwino pamene 4 wa AFI ndi wochepa. Madzi amachepa ngati nsupa ikudontha, ngati nsengwa yafooka, kapena masiku akapitirira. Akachuluka, madokotala amayamba ndi kuyeza shuga wa mayi.

Mzere wachitatu ndiwo umakondedwa ndi achibale, komanso ndiwo umasokeretsa koposa. EFW ndi kulemera kwa mwana kongoyerekeza. Palibe sikelo imene imalowa m'mimba. Wounika amayesa kutambalala kwa mutu, BPD, kuzungulira kwa mutu, HC, kuzungulira kwa mimba ya mwana, AC, ndi kutalika kwa fupa la ntchafu, FL. Makina amaika manambalawa m'masamu, makamaka amene Hadlock ndi anzake anafalitsa mu 1985, natulutsa magalamu. Masamuwa amaphonya ndi magawo 10 pa 100, nthawi zina mpaka 15.

Aphunzitsi a masamu aona kale kumene nkhaniyi ikupita. Magawo 10 pa 100 a 1,700 ndi 170, kutanthauza kuti mwanayu angakhale wolemera pakati pa magalamu 1,530 ndi 1,870. Pa masabata 32 mwana wapakatikati amalemera pafupifupi 1,900, ndipo mwana m'modzi mwa khumi amakhala pansi pa 1,600, pamene pali malire amene madokotala amayambira kumutcha wamng'ono. Nambala ya 1,700 ili pamwamba pa malirewo, koma 1,530 ili pansi pake. Sikani imodzi siingathe kudula mlanduwu. Chimene chimaudula ndi kukula. Pa msinkhu umenewu mwana amawonjezera magalamu pafupifupi 200 pa sabata, choncho akamuunikanso patapita masabata anayi ayenera kukhala akuyandikira 2,500. Akapezeka pa 1,900, ndiye kuti kukula kwabwerera, ndipo afufuza kuthamanga kwa magazi a mayi, malungo, kuchepa kwa magazi ndi kayendedwe ka magazi mu mchombo. Kuunikanso patangopita masiku ochepa nkosathandiza, chifukwa kuphonya kwa makina kumaposa zimene mwana wawonjezera.

Masamu onsewa aima pa mwala umodzi: kudziwa bwino msinkhu wa pakati. Magalamu 1,700 ndi ochuluka bwino pa masabata 30 koma ndi ochepa pa 34. Sikani ya m'miyezi itatu yoyamba imaphonya tsiku ndi masiku 5 mpaka 7 okha, pamene ya m'miyezi itatu yotsiriza ingaphonye ndi masabata atatu, chifukwa mwana wopinimbira makina amamuyesa wa masiku ochepa. Ichi ndi chimodzi mwa zifukwa zimene bungwe la WHO mu 2016 linalangizira kuti mayi aliyense aunikidwe kamodzi asanakwane masabata 24. Choncho mukaona tsiku loyembekezera kubereka, EDD, pa chipepala cha masabata 32 likusiyana ndi limene sikani yoyambirira inapereka, musafufute loyambalo. Mapepala onse awiri apite kwa azamba pamodzi ndi buku la kusikelo.