Kalata Yoyamba ya Mphunzitsi Watsopano kwa Makolo

Sukulu zikatsegulira chaka chatsopano, makolo ambiri amamva za mphunzitsi wa mwana wawo kuchokera kwa mwana yemweyo. "Atipatsa madamu atsopano, ndi aukali," kapena "asala athu akuti mugule makope khumi." Kholo silidziwa ngati makopewo ndi khumidi, ngati akufunika mawa kapena mwezi wamawa, ndipo dzina la mphunzitsiyo limadzadziwika pa tsiku lotsekera teremu. Kawirikawiri kalata yoyamba yochokera ku sukulu imakhala yoitana kholo chifukwa mwana wapalamula, kapena yokumbutsa za ndalama. Nchifukwa chake makolo ena akangoona pepala m'manja mwa mwana mtima umayamba kugunda asanalitsegule n'komwe.

Mphunzitsi amene wangopatsidwa kalasi angathe kuchita mosiyana. Angalembe kalata yolonjera makolo m'sabata yoyamba, zinthu zisanalakwike. Ntchito ya kalatayi si kuonetsa kuti mphunzitsi ndi wophunzira. Ndi yabwino ngati woilandira adziwa choti achite Lolemba m'mawa, ndiponso ngati ibweretsa yankho kwa amene anailemba.

Tiyerekeze mphunzitsi amene wangofika pa sukulu ya pulayimale ya boma kumudzi ndipo wapatsidwa Sitandade 5 ya ana 90. Chiwerengerochi n'choposa ana 60 pa mphunzitsi mmodzi omwe unduna wa zamaphunziro umafuna, koma si chachilendo chiyambire 1994, pamene boma linachotsa fizi ku pulayimale ndipo ana anadzaza m'makalasi. Mphunzitsi ameneyu sangayende khomo ndi khomo. Kalata ndiyo njira yokhayo yofikira mabanja onse sabata imodzi.

Asanagwire cholembera ayenera kudzifunsa kuti adzaiwerenge ndani. Kalembera wa 2018 anapeza kuti mwa anthu khumi aliwonse a zaka zisanu kupita m'mwamba, pafupifupi atatu sadziwa kulemba ndi kuwerenga. Choncho pa makomo angapo mwa 90 aja kalatayo idzawerengedwa mokweza, ndipo wowerenga adzakhala mwana yemwe uja, ataima pamaso pa agogo ake. Izi zimasintha kalembedwe konse. Chiyankhulo chikhale chomwe chimayankhulidwa pakhomo, ngakhale maphunziro a Sitandade 5 ali m'Chingerezi. Ziganizo zikhale zazifupi, zoti mwana wa zaka khumi aziwerenge osapunthwa. Ndipo musakhale mawu ochititsa mwanayo manyazi, monga akuti ana a kalasi ino ndi mbuli kapena aulesi. Mwana wochenjera akafika pa mzere wotere amangoudumpha, mwinanso kalata yonse imathera m'thengo.

Malonje nawo afunika kuwaganizira. Ana ambiri akuleredwa ndi agogo, azakhali, amalume kapena achemwali awo. Kalata yoyamba ndi mawu akuti "Okondeka bambo ndi mayi" imamupweteka mwana wamasiye amene akuiwerenga mokweza. Kulemba kuti "Okondeka makolo ndi nonse olera ana" kumafikira aliyense.

Thupi la kalata ya mphunzitsi wathuyu likhoza kukhala lotere:

"Ine ndine mphunzitsi watsopano wa Sitandade 5 chaka chino, ndipo ndasangalala kulandira mwana wanu. Timayamba nthawi ya 7:30 m'mawa. Pofika Lolemba likudzali mwana akhale ndi makope anayi, cholembera ndi pensulo. Makope ena ndidzakuuzani m'kati mwa teremu. Kuyambira kalasi ino ana amaphunzira m'Chingerezi, choncho musadabwe ngati malikisi atsika pang'ono poyamba. Chonde tsiku lililonse mumupatse mwana mphindi 20 zoti awerenge kunja kusanade, ndipo mumufunse zomwe waphunzira. Mwana akadwala kapena kukagwa zovuta, tumizani uthenga kudzera mwa mnzake. Mukafuna kuonana nane, ndimapezeka Lachitatu lililonse tikaweruka."

Pamwamba pakhale dzina la sukulu ndi tsiku, pansi dzina la mphunzitsi ndi siginecha yake. Zonsezi zimakwana pa theka la pepala la A4, ndiye kuti mapepala 45 odulidwa pakati akwanira kalasi yonse.

Taonani nkhani ya makope ija. Mphunzitsi akanatha kulemba mndandanda wa zonse zofunika chaka chathunthu, koma wasankha zochepa zoyambira, watchula chiwerengero ndi tsiku. Chifukwa chake n'chakuti banja la ana anayi a pasukulu limalandira zofuna zinayi nthawi imodzi. Mndandanda ukatalika, kholo losowa limaona ngati mwana saloledwa kulowa m'kalasi zonse zisanakwane, ndipo limamusunga pakhomo kudikira kuti ndalama ipezeke. Sabata ziwiri zimatha choncho. Mpofunika kuti mphunzitsi awonjezere chiganizo chimodzi chomveka bwino: mwana abwere ndithu ngakhale zina zisanapezeke. Chimodzimodzi yunifolomu. Kulimbikitsa kuti ana azivala n'kwabwino, koma kalata yolonjera si malo oopsezera kuti wopanda yunifolomu adzabwezedwa.

Chiganizo chonena za Chingerezi ndicho chimene makolo sangachipeze kwina. Mwana yemwe ankakhala nambala yabwino ku Sitandade 4 amatha kubwerera m'mbuyo mu Sitandade 5, osati chifukwa wayamba kusewera, koma chifukwa masamu ndi sayansi tsopano akuzimva m'chiyankhulo chomwe sanachizolowere. Kholo lomwe silinachenjezedwe limamukalipira mwanayo, kapena limaganiza kuti mphunzitsi watsopanoyu satha ntchito. Kalasi iliyonse ili ndi nkhani yake yotere. Wa Sitandade 1 anganene za msinkhu wa zaka zisanu ndi chimodzi woyambira sukulu ndi kapu ya phala ngati pasukulupo pamaphikidwa phala. Wa Sitandade 8 anganene za mayeso a MANEB ndi kufunika koti dzina la mwana lilembedwe molondola, mofanana paliponse. Kalata yomwe ingatumizidwe ku kalasi iliyonse osasintha kanthu ndiye kuti ilibe chouza makolo.

Onaninso kuti zomwe mphunzitsi wapempha n'zotheka kwa agogo osadziwa kuwerenga. Sanati "muzimuthandiza homuweki ya Chingerezi." Wapempha nthawi, nthawi yake ya kunja kusanade poti nyumba zambiri zilibe magetsi, ndiponso funso limodzi. Kumasula mtsikana ku ntchito yotunga madzi kwa mphindi 20 ndi thandizo lenileni, ndipo aliyense angathe kulipereka.

Pali zinthu ziwiri zomwe zimaipitsa kalata zoterezi. Choyamba ndi ndalama. Zopereka za chitukuko cha sukulu ndi nkhani ya komiti ya sukulu ndi bungwe la makolo ndi aphunzitsi, zomwe zimakambidwa pa msonkhano. Mphunzitsi wa kalasi akazilowetsa m'kalata yake, kapena akalengeza maphunziro olipira a masana, makolo amawerenga kalata yonse ngati njira yopemphera ndalama, ndipo malonje aja amasanduka nyambo. Chachiwiri ndi kudumpha mphunzitsi wamkulu. Kalata yopita kwa makolo imanyamula dzina la sukulu, choncho ahedi ayenera kuiona kaye, ndipo ngati n'kotheka aikepo chidindo. Iwo ndi amene akudziwa zomwe anagwirizana kale ndi makolo, ndipo kholo likadzabwera ndi funso lidzayambira ku ofesi yawo. Mphunzitsi wachilendo amene walemba nthawi kapena malamulo osiyana ndi a sukulu amadzipalira mkangano sabata yoyamba yomweyo.

Gawo limene ine ndimaliona lofunika kuposa onse lili pansi penipeni: kachidutswa koti kadulidwe n'kubwezedwa. Pamenepo pakhale dzina la mwana, dzina la womulera ndi ubale wawo, mudzi, nambala ya foni ngati ilipo (ngakhale ya oyandikana nawo), ndi funso limodzi: "Kodi pali chimene mukufuna ndidziwe chokhudza mwanayu?" Mayankho a funso ili ndi amene amasintha m'kalasi. Kholo limodzi lidzalemba kuti mwana samva bwino khutu lakumanzere, ndipo mawa lake mwanayo adzakhala kutsogolo, khutu labwino litaloza kwa mphunzitsi. Lina lidzati amagwa khunyu kapena ali ndi mphumu. Lina lidzati amawoloka mtsinje, ndiye nyengo ya mvula azichedwa. Popanda kachidutswaka, mwana wosamva uja akanatha teremu yonse akutchedwa wamwano chifukwa sayankha akaitanidwa.

Koma funsoli lili ndi malire. Pepala lomwe likudutsa m'manja mwa ana si malo olembapo zinsinsi, monga za mwana amene akumwa mankhwala otalikitsa moyo. Mphunzitsi alembe momveka kuti nkhani zomwe kholo silifuna kulemba lingabwere kudzazinena pamaso, ndipo zidzasungidwa. Zidutswa zobwerazo azisunge pobisika, osati pa tebulo la m'kalasi.

Nanga pamene palibe ndalama yochulukitsira mapepala? Ana a Sitandade 5 angathe kukopera kalatayo kuchokera pa bolodi kumapeto kwa kope lawo, mphunzitsi n'kuyendera kuona ngati manambala ndi masiku akopedwa molondola, kenako n'kusainira. Womulera asaine kapena adinde chala pansi pake. Njirayi siigwira kwa ana a Sitandade 1 ndi 2, omwe sanayambe kulemba bwino. Kwa iwo pepala ndi lofunika, kapena kalatayo iwerengedwe pa msonkhano wa makolo. M'tauni ambiri amaitumiza pa WhatsApp, zomwe n'zachangu, koma zimasiya kunja mabanja opanda foni zamakono, omwe nthawi zambiri ndi amene akufunikira uthengawo kwambiri. Foni iwonjezere pa pepala, isalowe m'malo mwake.

Kudziwa ngati kalata yagwira ntchito n'kosavuta. Ipite Lachiwiri, ndipo pofika Lolemba lotsatira mphunzitsi atenge kaundula wa kalasi n'kuchonga dzina la mwana aliyense amene wabweza kachidutswa. Tinene kuti zabwera 62 mwa 90. Akakumbutsa kamodzi, zina zidzatuluka m'zikwama zitakwinyika. Ngati zobwerazo zili zochepa kwambiri, kapena makolo ambiri akufunsa chinthu chimodzi chomwecho, vuto lili m'kalatayo: yatalika, kapena mawu ake ndi ovuta. Koma pakatsala mayina khumi kapena khumi ndi awiri omwe sakuyankha ngakhale atakumbutsidwa, mphunzitsi asawalange anawo. Kukhala chete kumeneko kungatanthauze kuti pakhomo palibe wamkulu, kapena womulera akudwala, kapena mwana akukhala ndi anthu omwe alibe naye chidwi. Mayina amenewo apite kwa ahedi ndi kwa gulu la amayi la pasukulupo, omwe amadziwa makomo a m'mudzi ndipo angathe kukafika kumene pepala lalephera. Mphunzitsi aziyang'anitsitsa mayina omwewo mu kaundula mvula ikayamba, pamene ntchito za kumunda ndi maganyu zimayamba kujombetsa ana.